Katemera woyamba: momwe anapezekera, chifukwa chake anakayikiridwa, ndi momwe anayendera pa mikono ya ana

Nthawi iliyonse kukabwera katemera watsopano, mkangano umabuka, ndipo pamkanganopo pamamveka zonena ziwiri. Ena amati katemera anayamba ndi dokotala mmodzi wa ku Mangalande amene dziko lonse linamulandira ndi manja awiri, pomwe ena amati anthu akhala akumukana katemera kuyambira pachiyambi. Zonena zonsezi zili ndi mbali yake yoona, koma kuti munthu amvetse zimene zinachitikadi ayenera kudziwa chinthu chimodzi chimene chimaiwalika kawirikawiri. Kwa zaka zambiri katemera woyamba, amene anali wa nthomba, sanali mankhwala a m'botolo. Anali madzi a m'thuza lamoyo, ndipo ankasungidwa pomuchotsa pamkono wa munthu wina kumuika pamkono wa wina. Kufala kwake, ngozi zake, ndi mantha ambiri amene anthu anali nawo zinachokera pamenepa.

Nthomba ndi chinthu chimene makolo anaona

Nthomba inali matenda opatsirana oyamba ndi kachilombo kamene kankalowa makamaka kudzera m'mpweya. Munthu ankayamba ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'msana, kenako patapita masiku ochepa matuza ankatuluka kumaso, m'manja ndi m'miyendo, n'kudzaza mafinya. Pa mtundu wake woopsa, mwa anthu 10 odwala pafupifupi atatu ankamwalira, ndipo ambiri mwa opulumuka ankatsala ndi zipsera zokumbika kumaso, ena n'kuchita khungu. Sitiyenera kuisokoneza ndi katsabola, amene amatulutsanso matuza koma ndi matenda ena ndipo kawirikawiri sapha.

Anthu a m'mayiko osiyanasiyana, popanda kuuzana, anaona kuti munthu amene wadwala nthomba n'kuchira sadwalanso. Sankadziwa za tizilombo, ndipo sankadziwa kuti thupi limakumbukira mdani amene linalimbana naye, koma anafika pa ganizo lolimba mtima: ngati nthomba igwira munthu kamodzi kokha, kuli bwino kuitenga mwadala, pang'ono, pa nthawi imene munthu ali ndi mphamvu.

Kutemera ndi nthomba yeniyeni

Njira imene inatsogolera katemera inali kutenga mafinya kapena nkhanambo za munthu amene nthomba sinamugwire kwambiri, n'kuziika mwa munthu wabwinobwino. Ku China ankapera nkhanambo zouma n'kuuzira fumbilo m'mphuno, ndipo mabuku a kumeneko a zaka za m'ma 1500 amaitchula njirayi. Ku India, ku Turkey ndi m'madera ambiri a Afirika ankacheka khungu pang'ono n'kupakapo mafinya, mofanana ndi momwe sing'anga amatemera mphini, ndipo n'kumeneko kumene mawu athu oti katemera akuchokera. Kachilombo kolowera pakhungu kankadwalitsa mocheperapo kusiyana ndi kolowera m'mpweya, choncho wotemeredwa ankatuluka matuza ochepa, n'kuchira, n'kukhala wotetezeka moyo wake wonse.

Njirayi inafika kwa Angelezi kudzera m'makomo awiri. Mayi Mary Wortley Montagu, mkazi wa kazembe wa Britain ku Constantinople, ku Turkey, amene iye mwini anali ndi zipsera za nthomba, anaona amayi achikulire akutemera ana, ndipo anatemeretsa mwana wake wamwamuna mu 1718 ndi wamkazi ku London mu 1721. Ku Boston, ku Amereka, m'busa Cotton Mather anaimva kwa Onesimus, kapolo wochokera ku Afirika, amene anamuonetsa chipsera chake n'kumufotokozera kuti kwawo amachita zimenezi. Mliri utagwa mumzindawo mu 1721, dokotala mmodzi yekha, Zabdiel Boylston, ndiye anavomera kuyesa, ndipo anayambira pa mwana wake wazaka zisanu ndi chimodzi ndi akapolo ake awiri. Mzinda unakwiya kwambiri moti munthu wina anaponya bomba m'nyumba ya Mather, ngakhale kuti silinaphulike.

Mliri utatha anawerengera. Mwa anthu pafupifupi 5,900 amene anadwala nthomba mwachibadwa, 844 anamwalira, kutanthauza mmodzi mwa asanu ndi awiri alionse. Mwa anthu oposa 240 amene Boylston anawatemera, anamwalira asanu ndi mmodzi, kutanthauza mmodzi mwa 40. Kusiyana kwake kunali koonekeratu, komabe otsutsa sanali kungobwebweta. Wotemeredwa ankadwala nthomba yeniyeni, ndipo ankatha kupatsira anzake a m'nyumba ndi a m'mudzi, amene iwo ankaidwala ndi ukali wake wonse. Zinali ngati kutentha udzu wozungulira nyumba kuti moto wolusa usadzafikepo: nyumba yako imapulumuka, koma mphepo ikatembenuka moto woyatsa wekhawo ungapsereze nkhokwe ya mnansi. Ngakhale mabanja achifumu sanali otetezeka ku ngoziyi, pakuti Octavius, mwana wa Mfumu George III, anamwalira mu 1783 atangotemeredwa kumene.

Nthomba ya ng'ombe ndi zimene Jenner anachita

Katemera weniweni amasiyana ndi njira ija pa chinthu chimodzi: m'malo mwa nthomba ya anthu, ankagwiritsa ntchito matenda ena apachibale amene savutitsa munthu. Kumadzulo kwa Mangalande ng'ombe zamkaka nthawi zina zinkatuluka matuza kumawere, ndipo okama ankatenga matuzawo m'manja mwawo. Ankamva kuwawa masiku ochepa n'kuchira, ndipo matendawa sankauluka ndi mpweya kupita kwa wina. Alimi ankanena kuti amene wadwala nthomba ya ng'ombe imeneyi nthomba ya anthu simugwira. Mu 1774 mlimi wina wa ku Dorset, Benjamin Jesty, anatenga madzi a m'thuza la ng'ombe n'kutemera mkazi wake ndi ana ake awiri aamuna pogwiritsa ntchito singano yolukira. Mkono wa mkaziyo unatupa kwambiri asanachire, ndipo anansi anamunyoza Jesty kuti waika za nyama mwa anthu.

Edward Jenner, dokotala wa kumudzi wa Berkeley ku Gloucestershire, amene iye mwini anatemeredwa ndi nthomba yeniyeni ali mwana, sanali woyamba kuganiza zimenezi. Chimene anachita ndi kuyesa, kulemba, ndi kufalitsa. Pa 14 Meyi 1796 anatenga madzi a m'thuza la padzanja la Sarah Nelmes, mtsikana wokama ng'ombe, n'kuwapaka pa timabala tiwiri tosaya pamkono wa James Phipps, mnyamata wazaka zisanu ndi zitatu, mwana wa wantchito wake wa m'munda. Mnyamatayo anatentha thupi pang'ono patapita sabata, thuza linatuluka pomwe anachekapo, n'kuuma. Pa 1 Julaye Jenner anamutemera ndi mafinya a nthomba yeniyeni, monga momwe ana ambiri ankatemeredwera masiku amenewo, ndipo nthombayo sinagwire.

Munthu mmodzi si umboni wokwanira, ndipo bungwe la akatswiri a sayansi la ku London silinasindikize lipoti lake loyamba. Jenner anadikira mpaka nthomba ya ng'ombe itabukanso m'makola mu 1798, popeza inkasowa kwa nthawi yaitali, ndipo m'chaka chimenecho anatemera mwana mmodzi kuchokera ku ng'ombe, wachiwiri kuchokera kwa woyambayo, wachitatu kuchokera kwa wachiwiri, n'kuona kuti mphamvu yake sinachepe. Anasindikiza yekha kabuku kofotokoza za anthu 23. Kuyesa kwa 1798 kumeneku n'kumene kunatsegula njira, chifukwa kunaonetsa kuti ng'ombe yodwala sifunikira nthawi zonse.

Kupatsirana mkono ndi mkono

Machesi asanafale, moto ukazima m'nyumba mwana ankatumidwa kukapala moto kwa anansi, ndipo mudzi wonse ukanazimitsa moto tsiku limodzi pakanakhala vuto. Katemera wa nthawi imeneyo ankasungidwa chimodzimodzi. Munthu akatemeredwa, pa tsiku lachitatu kapena lachinayi pamatuluka kachiphuphu kofiira, kenako kamasanduka thuza lolowa pakati, lodzaza madzi oyera. Cha pa tsiku lachisanu ndi chitatu wotemera ankabowola thuzalo n'kutenga madziwo kukatemera ena. Akachedwa, madziwo ankasanduka mafinya ndipo mphamvu yake inkachepa. Patapita milungu itatu nkhanambo inkagwa, n'kusiya chipsera chozungulira chimene chinali umboni wakuti katemera wagwira. Ngati pa sabata imeneyo panalibe munthu watsopano womutemera, moto unali utazima.

Anayesa kuumitsa madziwo pa ulusi, pa timinyanga tosongoka, kapena pakati pa timagalasi tiwiri tomatidwa ndi phula. Ku Ulaya kozizira zinkatheka, koma paulendo wautali wa m'mayiko otentha kachilomboka kankafa. Zotumizidwa ku India pa sitima zinkafika zopanda mphamvu, mpaka katemera wochokera ku Vienna atafika wamoyo ku Baghdad, n'kupitirira ku Basra, kenako ku Bombay, kumene mtsikana wazaka zitatu, Anna Dusthall, anatemeredwa mu Juni 1802. Kuchokera pamkono wake katemera anafalikira m'madera ambiri a India. Ku Japan anadikira mpaka 1849, pamene nkhanambo zouma zochokera ku Batavia, mzinda umene lero ndi Jakarta ku Indonesia, zinagwira pamkono wa mwana ku Nagasaki.

Ulendo umene ukuonetsa bwino njirayi ndi umene Mfumu Carlos IV ya ku Spain inatumiza kumayiko amene inkalamulira kutsidya kwa nyanja. Pa 30 Novembala 1803 sitima yotchedwa María Pita inanyamuka pa doko la A Coruña, motsogozedwa ndi dokotala Francisco Javier de Balmis. Katundu wake wofunika anali anyamata 22 ochokera m'nyumba zosungira ana amasiye, azaka za pakati pa zitatu ndi zisanu ndi zinayi, amene anali asanadwalepo nthomba. Ankawatemera awiriawiri. Matuza a awiri oyamba akakhwima, patapita masiku asanu ndi anayi kapena khumi, ankatengapo madzi n'kutemera awiri otsatira. Ankatemera awiri kuti ngati mwa mmodzi katemera sagwira, kapena mwanayo wakanda thuza n'kuliphulitsa, winayo apitirize. Magulu 11 a ana awiri, gulu lililonse masiku pafupifupi khumi, ankapereka masiku oposa 100, okwanira kuwoloka nyanja. Panafunikanso kuonetsetsa kuti ana otemeredwa asakhudzane ndi odikira, chifukwa mwana wotenga katemera nthawi yake isanakwane ndiye kuti mphako yaoneka mu mndandanda. Ntchito yolera ndi kuyang'anira anawa usana ndi usiku m'sitima yopanikizana inali m'manja mwa Isabel Zendal, amene ankayang'anira nyumba ya ana amasiye ya ku A Coruña, ndipo mwana wake yemwe anali m'gululo.

Atafika ku Venezuela mu 1804 gululo linagawikana. José Salvany analowera kummwera kudutsa mapiri a Andes, akutemera mudzi ndi mudzi, mpaka anamwalirira ku Cochabamba, m'dziko limene lero ndi Bolivia, mu 1810. Balmis anapita ku Mexico, ndipo mu 1805 anatenga anyamata ena 26 a kumeneko kuwoloka nawo nyanja ya Pacific mpaka ku Philippines, iye n'kupitirira ku Macau ndi Canton, ku China. Kumene ankafika ankakhazikitsa makomiti oti azisunga katemera wamoyo potemera ana ochepa sabata iliyonse m'malo motemera onse tsiku limodzi. Munthu akamawerenga za ulendowu sangalephere kuima pa anyamata aja, amene ambiri mwa iwo anasankhidwa chifukwa panalibe kholo lowakanira, ngakhale kuti iwonso anapulumuka ku nthomba chifukwa cha katemera yemweyo amene ananyamula.

Zimene okayikira ankanena

Kukayikira kunali kwa mitundu ingapo, ndipo si bwino kuiphatikiza. Panali mantha oti za nyama zisintha munthu. Chithunzi chojambulidwa ndi James Gillray mu 1802 chinaonetsa anthu otemeredwa akuphuka tiana ta ng'ombe pamphuno ndi m'mikono, ndipo ngakhale chinali choseketsa, madokotala ena ankalembadi za ana amene nkhope zawo ankati zayamba kufanana ndi za ng'ombe. Zimenezi zinalibe umboni. Panalinso otemera a njira yakale amene ntchito yawo inali kuwathera, ndipo ku India, kumene kutemera kwakale kunkayenda limodzi ndi mapemphero kwa Sitala, mulungu wamkazi wa nthomba, anthu ambiri sanaone chifukwa chosiyira njira yodziwika n'kutenga yobwera ndi olamulira achilendo.

Koma madandaulo ena anali ndi maziko, ndipo onse ankachokera ku kayendedwe ka katemera kaja. Mu 1799 dokotala William Woodville anayesa katemera pa chipatala cha odwala nthomba ku London, ndipo ambiri mwa otemeredwa anatuluka matuza thupi lonse, zimene zikusonyeza kuti katemerayo anasakanikirana ndi nthomba yeniyeni. Matuza ena a kumawere a ng'ombe sanali nthomba ya ng'ombe n'komwe, ndipo munthu wotemeredwa ndi amenewo ankatupa mkono, n'kudziyesa wotetezeka, n'kudzadwala mliri ukabwera. Jenner anataya nthawi yambiri akulembera madokotala za kusiyanitsa thuza loona ndi lonama. Choopsa koposa chinali chakuti madzi ochokera pamkono wa munthu ankatha kunyamula matenda ena a munthuyo. Ku Rivalta, ku Italy, mu 1861, ana oposa 40 anatenga chindoko kudzera mu katemera wochokera kwa mwana amene anali ndi matendawa mosadziwika, ena anamwalira, ndipo ena anapatsira amayi awo poyamwa.

Jenner analakwitsanso pa mfundo imodzi yaikulu. Ankakhulupirira mpaka imfa yake mu 1823 kuti katemera mmodzi amateteza moyo wonse, koma chitetezocho chimachepa pakapita zaka. Achinyamata otemeredwa ali makanda atayamba kudwala nthomba, ngakhale kawirikawiri mocheperapo, otsutsa anati katemera ndi bodza, pomwe omuteteza ambiri anangoti anatemeredwa molakwika. Yankho linali kutemeranso kachiwiri, ndipo mayiko a Chijeremani ndiwo anatsogola: asilikali a Prussia anayamba kutemeredwanso mu 1834. Pa nkhondo ya 1870 mpaka 1871 asilikali a France, amene ambiri sanatemeredwenso, anafa ndi nthomba ochuluka kwambiri kuposa a Germany, ndipo mu 1874 Germany inakhazikitsa lamulo la katemera wa makanda ndi wachiwiri pa zaka 12.

Lamulo lokakamiza

Funso loti katemera amagwira ntchito ndi losiyana ndi funso loti boma likakamize anthu, ndipo phokoso lalikulu linabuka pa funso lachiwirili. Bavaria inakakamiza katemera mu 1807, Denmark mu 1810, Sweden mu 1816. Ku Mangalande lamulo la 1840 linapereka katemera waulere n'kuletsa kutemera ndi nthomba yeniyeni, la 1853 linalamula kuti khanda lililonse litemeredwe lisanapitirire miyezi itatu, ndipo malamulo a 1867 ndi 1871 anakhwimitsa zilango. Kholo lokana linkalipitsidwa, likalephera katundu wake ankagulitsidwa kapena linkatsekeredwa m'ndende. Olemera ankalipira chindapusa kapena kupita kwa dokotala wawo, pomwe osauka ankapita kumalo aboma oyendetsedwa ndi akuluakulu a thandizo la amphawi, kumene mayi ankayenera kubweranso pa sabata kuti thuza la mwana wake libowoledwe n'kutemera ana ena osawadziwa.

Mu 1885 anthu zikwizikwi anachita zionetsero zotsutsa malamulowa ku Leicester, mzinda umene m'malo mwa katemera unadalira kwambiri kupeza odwala msanga, kuwapatula, ndi kutsekera a m'nyumba mwawo. Mu 1898 lamulo linalola kholo kukana chifukwa cha chikumbumtima chake, ndipo kupatsirana mkono ndi mkono kunasiyidwa pa katemera waboma. Kwina zinayenda mosiyana. Ku Rio de Janeiro lamulo lokakamiza linabutsa zipolowe mu Novembala 1904, pa nthawi imene boma linkagwetsanso nyumba za osauka pakati pa mzinda, ndipo lamulolo linaimitsidwa. Ku Amereka khoti lalikulu linagamula mu 1905, pa mlandu wa Henning Jacobson, amene anakana kutemeredwa, kuti boma lili ndi mphamvu yolamula katemera pa nthawi ya mliri.

Chimene chinachotsa katemera pamkono wa mwana

Kusintha kumene kunayankha madandaulo oona aja kunali kwa kapangidwe. Ku Naples, ku Italy, anayamba kulima katemera pakhungu la ana a ng'ombe, ndipo njirayi inafalikira ku Ulaya pambuyo pa msonkhano wa madokotala wa ku Lyon mu 1864. Ng'ombe sitenga chindoko, choncho ngozi ija inatha. M'zaka za m'ma 1890 Sydney Monckton Copeman anaonetsa kuti kusakaniza katemera ndi gilisalini kumachepetsa tizilombo tina toyambitsa zilonda. Vuto la kutentha, limene linkafooketsa katemera m'madera ambiri a Afirika ndi Asia, linatha m'zaka za m'ma 1950 pamene Leslie Collier anakonza njira youmitsa katemera atamuziziritsa, kuti azikhala wamphamvu kwa milungu popanda firiji. Ndi katemera ameneyu, singano ya mano awiri, ndi njira yofufuza odwala n'kutemera owazungulira, bungwe la zaumoyo padziko lonse linakhwimitsa nkhondo yake mu 1967. Munthu womaliza kutenga nthomba mwachibadwa anali Ali Maow Maalin wa ku Merca, ku Somalia, mu Okutobala 1977, ndipo pa 8 Meyi 1980 analengeza kuti nthomba yatha. Achikulire ambiri kwathu kuno akadali ndi chipsera chake pamkono, koma chipsera cha obadwa pambuyo pake ndi cha katemera wa chifuwa chachikulu.

Mafunso amene akadali osayankhidwa

Loyamba ndi lodabwitsa: kodi kachilombo ka mu katemerayu kanachokera kuti? Mu 1939 Allan Downie anaonetsa kuti kachilombo kamene kankagwiritsidwa ntchito pa katemera sikanali ka nthomba ya ng'ombe, koma kena kapachibale. Mu 2017 akatswiri atapima katemera wakale wopangidwa ku Amereka mu 1902 anapeza kuti akufanana kwambiri ndi nthomba ya akavalo. Jenner mwini ankaganiza kuti matenda a ng'ombe aja ankachokera kumapazi a akavalo, ndipo otemera ena a nthawi yake ankatenga katemera kwa akavalo. Katemera amene anaikidwa pamkono wa James Phipps sanasungidwe, choncho palibe chomupima.

Lachiwiri ndi la ulemu. Nkhani yotchuka yakuti Jenner ali mnyamata anamva mtsikana wokama akunyadira kuti sangadwale nthomba inalembedwa ndi mnzake Jenner atamwalira kale, ndipo olemba mbiri ena amaikayikira, poona kuti madokotala a m'dera lake ankakambirana kale za nthomba ya ng'ombe. Gawo la Jesty, la Onesimus ndi la amayi otemera a ku Constantinople likadali kuyezedwa.

Olemba mbiri amatsutsanabe ngati malamulo okakamiza anafulumizitsa kulandiridwa kwa katemera kapena anautsa chidani chimene chinamuchedwetsa, chifukwa Sweden ndi Germany zikupereka chithunzi china pomwe Leicester ndi Rio de Janeiro zikupereka chinanso. Ndipo kachilombo ka nthomba kakusungidwabe m'malo awiri ovomerezeka, ku Atlanta ku Amereka ndi ku Koltsovo ku Russia. Ena akufuna kuti kawonongedwe kuopa ngozi, ena akuti kakufunikabe poyesera mankhwala ndi katemera watsopano, ndipo misonkhano ya mayiko yakhala ikusuntha tsiku logamula nkhaniyi kwa zaka zoposa 30.